Tcheni cholembedwa 750: tilandire ngati chikole?

Mai a Tadala: Mwaswera bwanji abale. Ndithandizeni nzeru lisanafike Loweruka. Ndine msungichuma wa banki mkhonde yathu kuno ku Mchengautuwa. Mnzathu wina akufuna ngongole ya K700,000, yoposa masheya ake, ndiye malamulo athu amati zikatero pamafunika chikole. Wabweretsa tcheni cha m'khosi cha amuna ake, akuti anagula kunja, ndipo ndi golide weniweni. Pa kokolowekera palembedwa 750, pa kachitsulo kapafupi palembedwa ITALY. Ndinapita nacho kwa mtsikana wogulitsa ndolo, sikelo yake inawerenga magalamu 24.3. Amayi anzanga akuti popeza chidindo chilipo nkhani yatha, tipereke. Ine mtima ukukana, koma chifukwa chogwirika ndilibe. Chidindochi n'chokwanira?

Yamikani: Amayi, 750 ndi 18K imeneyo, golide wa boo. Zidindo zimenezi sadinda aliyense, ndi za boma la kumeneko. Koma kuti mtima ukhale m'malo tengani maginito a sipika yakufa. Chikakana kumata ndiye kuti ndi golide basi.

Che Bwanali: Ngati ndi golide musavutike ndi mavenda. Reserve Bank inayamba kugula golide mu 2021 kudzera ku Export Development Fund. Anyamata okumba amagulitsa komweko.

Mai a Tadala: Ayi Che Bwanali, sitikugulitsa. Si golide wa m'dothi uyu, ndi tcheni cha mwini wake. Tikungofuna kudziwa ngati tingachisunge m'bokosi n'kugona tulo.

A Chirwa a ku Luwinga: Mai a Tadala, mtima wanuwo muumvere kaye. Ine ndinakhala zaka zambiri ku Joni ndikukonza mphete ndi matcheni, ndiye zidindozi ndaziona mpaka maso kuwawa.

Yamikani wanena zoona pa nambala. Golide wosasakaniza amamuwerengera magawo 24, ndiye 18K ndi magawo 18 a golide, 6 otsalawo ndi mkuwa ndi siliva. Mukawerengera pa 1000 zimabwera 750. Chimodzimodzi 375 ndi 9K, 585 ndi 14K, 916 ndi 22K. Tcheni chanucho chikakhala choona, mu magalamu 24.3 muli golide wokwana magalamu 18.2, ndipo ameneyo ndi wa ndalama zoposeratu ngongole ikupemphedwayo.

Pomwe mphwanga waphonya ndi pa mawu akuti sadinda aliyense. Chodindira 750 ndi kachitsulo konga msomali wa mainchesi atatu, kunsonga kwake kuli manambala. Kamagulitsidwa poyera limodzi ndi zipangizo zina za ntchitoyi. Pa tebulo langa panali ka 375, ka 750 ndi ka 925, ndipo palibe tsiku limene munthu anabwera kudzandifunsa kuti ndadinda pa chiyani. Mumangoika pa chitsulo, kugogoda kamodzi ndi kahamala, basi. Kachitsulo kameneko sikadziwa kuti kagwera pa golide kapena pa chogwirira cha chitseko. Choncho 750 yokhayokha ndi mawu a amene anadindayo. Akukuuzani kuti ndi golide, monga wogulitsa usipa ku Zigwagwa amakuuzani kuti wafika lero. Akhoza kukhala akunena zoona. Koma mboni palibe.

Yamikani: Nanga ITALY yo madala? Aku Italy sachita zachibwana pa golide.

A Chirwa a ku Luwinga: Sachitadi, n'chifukwa chake onyenga amakonda dzinalo. Tcheni chopangidwadi ku Italy chimakhala ndi kachidindo kena pambali pa 750: kanyenyezi, nambala ya wopangayo, ndi zilembo ziwiri za chigawo chimene ali, monga AR ya Arezzo kapena VI ya Vicenza. Nambala imeneyo ndi yolembetsedwa, moti akanama boma lawo limadziwa khomo logogoda. Mawu akuti ITALY paokha sakuloza munthu aliyense. Mai a Tadala, jambulani ndi foni pa dzuwa, mukulitse chithunzicho, muone ngati kanyenyezi kalipo.

Mai a Tadala: Ndajambula, Tadala wandithandiza kukulitsa. Kanyenyezi palibe, ndi 750 ndi ITALY basi. Maginito ndayesanso. Tcheni chonse sichikumata, koma kokolowekera kokha kakukokedwa pang'ono. Ndiye kuti tchenicho ndi golide koma kokolowekerako ndi kabodza? Komatu chidindo chili pomwepo.

Yamikani: Ndinanena ine. Thupi lonse ndi golide, angosintha loko.

A Chirwa a ku Luwinga: Ayi, zonse ziwiri mwawerenga chozondoka. M'kati mwa kokolowekera muli kasipuling'i kachitsulo kamene kamabweza kamlomo kaja mukakasiya. Ngakhale tcheni cha golide weniweni chimakhala nako, chifukwa golide ndi wofewa, sangagwire ntchito imeneyo. Kukokedwa pang'ono pamenepo si mlandu.

Kukana maginito nakonso si umboni. Mkuwa sumata. Bulasi samata. Siliva, mtovu, aluminiyamu wa mapoto, zonsezi sizimata. Maginito amangogwira wakuba waulesi amene wapaka golide pa chitsulo wamba. Amene anaganizako pang'ono amapanga ndi bulasi, chifukwa ndi wachikasu kale, ngakhale utoto utayamba kusupuka simuona msanga.

Palinso china pa kokolowekera. Kamalumikizidwa ndi kamphete kamodzi kokha, kuchotsa n'kuikapo kena ndi ntchito ya mphindi zisanu. Ndinaonapo matcheni a bulasi okhala ndi kokolowekera ka golide weniweni, ochita dala, podziwa kuti woyesa amathamangira pamene pali chidindo. Ndinaonanso tcheni cha golide weniweni cha gogo wina chopanda chidindo chilichonse, chifukwa kokolowekera koyamba kanathyoka n'kuikapo kotchipa. Ndiye chidindo cha pa loko chikunena za loko, mwina. Za tcheni sichinanene kanthu.

NyaMhango: Pepani ndilowerere ndi yanga. Mphete ya malemu amayi anga anawagulira achemwali anga amene ndi namwino ku Mangalande. M'kati mwake muli tizidindo tinayi tondondozana: zilembo ziwiri, kenako 375, kenako kanthu konga mbedza ziwiri, kenako chilembo chimodzi. Mukutanthauza kuti nazonso n'zopanda pake? Ndakhumudwatu.

A Chirwa a ku Luwinga: Musakhumudwe amama, yanuyo ndi nkhani ina, ndipo mwachita bwino kuibweretsa chifukwa kusiyana kwagona pamenepo. Kanthu konga mbedzako ndi nangula wa sitima, chizindikiro cha ofesi yoyesa zitsulo ya ku Birmingham. Ku Britain maofesi otere alipo anayi: London amadinda mutu wa kambuku, Birmingham nangula, Sheffield duwa, Edinburgh nyumba ya malinga. Lamulo lawo la 1973 limati simungagulitse chinthu mukuchitchula kuti golide kapena siliva chisanapite ku imodzi mwa maofesi amenewa, pokhapokha chikhale chopepuka kwambiri. Wopanga amatumiza katundu, iwo amayesa, akakhutira ndi pamene amadinda. Ofesiyo sigulitsa mphete, ilibe phindu pa kunama.

Ndiye mzere wanuwo uwerengeni chonchi. Zilembo ziwirizo ndi za amene anatumiza mpheteyo kukayesedwa, ndipo n'zolembetsedwa ku ofesiko. 375 ndi 9K, ndipo muone bwino, ikhala m'kabokosi kodulidwa makona, ka mbali zisanu ndi zitatu, chifukwa ka siliva kamakhala kozungulira ngati dzira. Nangula ndi mboni. Chilembo chomalizacho ndi cha chaka chimene inayesedwa.

Tcheni cha Mai a Tadala chili ndi mwini katundu akudzichitira yekha umboni. Mphete yanu ili ndi dzina la wonena, zimene wanena, ndi munthu wapadera amene anayesa n'kuvomereza.

NyaMhango: Mtima wakhala pansi. Ndiye kamwala kali pamwambapo ndi dayamondi weniweni eti? Achemwali ankatero.

A Chirwa a ku Luwinga: Pamenepo nangula sakuyankhirani. Ofesi inayesa chitsulo chokha. Mwala ukhoza kukhala dayamondi, ukhoza kukhala galasi, chidindo chimakhala chomwecho. Ndipo ndikufunseni, mpheteyo inakulitsidwapo?

NyaMhango: Eya, zala za amayi zitatupa anapita nayo ku Lilongwe, anaikulitsa.

A Chirwa a ku Luwinga: Ndiye muli kachidutswa kamene a ku Birmingham sanakaone. Pokulitsa timadula kunsi, kutambasula, n'kuwotchererapo kachidutswa kena. Mmisiri wachilungamo amaikapo 9K yemweyo. Wina amaika chimene chili pafupi. Yang'anani kunsi kwa mpheteyo pa kuwala, nthawi zina mumaona timizere tiwiri ndi mtundu wosiyana pang'ono pakati pake. Chidindo chimachitira umboni za tsiku limene anayesa, zimene zinachitika pambuyo sichidziwa.

Yamikani: Koma madala, ngati 750 amagula pa shopu, nangulayo sangamupangenso?

A Chirwa a ku Luwinga: Funso labwino. Amapanga, ngakhale kwawoko ndi mlandu waukulu. Njira yotchipa ndi kutenga mphete yeniyeni, kuumba chikombole, n'kuthiramo bulasi, zidindo zonse zimatuluka nawo. Koma zotuluka m'chikombole zimaoneka zofufuma, m'mphepete mwake mobulungira ngati sopo wogwiritsidwa kale ntchito, pansi pake pali timabowo ngati mchenga. Chodindidwa ndi chitsulo chimakhala chakuthwa m'mbali, pansi posalala. Vuto ndi lakuti mphete yeniyeni yovalidwa zaka 30 nayonso zidindo zimafufutika, ndiye pamafunika diso lozolowera ndi galasi lokulitsira. Masiku ano maofesi amalembanso ndi kuwala kwa leza, zimenezo zimakhala zosazama koma zooneka bwino kwambiri.

Ku India anaganiza zotseka mpata umenewu. Kuyambira 2021 golide wodindidwa kumeneko amapatsidwa HUID, zilembo ndi manambala zisanu ndi chimodzi, chinthu chilichonse yakeyake. Mukailemba mu pulogalamu ya pa foni yotchedwa BIS Care imakuuzani mtundu wa chinthucho, mlingo wa golide wake, ndi amene anachiyesetsa. Ngati mwagwira chibangili koma foni ikuti mphete, mwadziwa.

Esnart: Inetu ndinaberedwa ndiye. Ndinagula ndolo zolembedwa 925, wogulitsa anati siliva. Miyezi itatu zada bii ngati poto. Ndinakamutukwana.

Aphunzitsi a Nkhoma: Achemwali, mwina munatukwana wosalakwa. Siliva weniweni ndi amene amada. Amagwirizana ndi salufa wa mu mpweya, m'thukuta ndi m'mafuta ena odzola, n'kupanga kakhungu kakuda pamwamba. Mukapukuta ndi kansalu kofewa kuwala kumabwerera. Chitsulo chosachita dzimbiri ndi chimene chimakhala mbee chaka ndi chaka.

Esnart: Ndapukuta pompano ndi nsonga ya chitenje, nsalu yada, ndolo yawala. Mayo ine. Ndiye ndi zenizeni?

A Chirwa a ku Luwinga: Zikhoza kutero, koma kuda kwangotiuza kuti pamwamba pali siliva. Bulasi wokutidwa ndi siliva amadanso chimodzimodzi. Masipuni akale aja olembedwa EPNS amada bwinobwino, chonsecho m'kati mulibe siliva ngakhale pang'ono, ndi wongokutira, ndipo zilembozo zikunena zomwezo poyera. Kusowa kwa nangula pa ndolo kusakudetseni nkhawa. Ngakhale ku Britain siliva wosafika magalamu 7.78 ndi golide wosafika galamu imodzi sakakamizidwa kupita ku ofesi. Mukaona pamene pakukhuzana ndi khutu payamba kutuluka chikasu kapena kufiira, pamenepo ndiye mukatukwane.

Ndikuwonjezereni china pakuti mumagula zoterezi. Chinthu chachikasu cholembedwa 925 si golide, ndi siliva wopakidwa golide. Mukaona 18K GP kapena GEP, ndi utoto wa golide chabe. 1/20 14K GF akutanthauza kuti golide wa 14K ndi gawo limodzi mwa magawo 20 a kulemera konse. Amenewa sananame, analemba, ogula ndife timawerenga nambala n'kulumpha zilembo. Ndinaonaponso wina atapala GP ndi tupa kuti patsale 18K yokha.

Mai a Tadala: Zikomo nonse, koma Loweruka likubwera. Ndichite chiyani ndi tcheni chili m'manja mwangachi? Makina oyesera ndilibe, ndipo kupala katundu wa mwini sindingayerekeze.

Che Bwanali: Donthezani asidi wa batire ya galimoto. Golide sapsa.

A Chirwa a ku Luwinga: Chonde musatero. Ameneyo si asidi woyesera golide, sakuuzani kanthu, mungoboola chitenje ndi kupsa zala. Ndipo utoto wa pamwambawo ndi golide ndithu, ndiye ngakhale asidi woyenera mukangodontheza pamwamba osapala, amakuuzani za utotowo.

Aphunzitsi a Nkhoma: Ilipo njira yosaononga kanthu, ana a sekondale amaiphunzira. Golide ndi wolemera kwambiri poyerekeza ndi kukula kwake, ndipo zimenezo chidindo sichingasinthe. Madzi okwana mililita imodzi amalemera galamu imodzi. Golide wosasakaniza wa kukula komweko amalemera magalamu 19.3, mkuwa pafupifupi 9, bulasi cha m'ma 8.5.

Muchite chonchi. Yezani tcheni chouma, mulembe. Ikani kapu ya madzi pa sikelo, dinani TARE kuti iwerenge 0. Mangani tcheni ndi ulusi wosokera, muchikulunge kuti chikhale kabulu kamodzi, muchitsitse m'madzi mutagwira ulusiwo. Chimire chonse, koma chisakhudze pansi kapena m'mbali mwa kapu. Nambala imene sikelo ionetse ndi kulemera kwa madzi amene tchenicho chakankha, ndiye kukula kwake kumeneko. Mugawe kulemera kouma ndi nambala imeneyo.

Sikelo ya kukhitchini yowerenga galamu yathunthu sithandiza. Ine ndili nayo yowerenga 0.1, ndili ku Katoto. Mubwere mawa ndikaweruka.

A Chirwa a ku Luwinga: Aphunzitsi alasa. Ndingoonjezera nambala ya 18K wachikasu, imakhala cha m'ma 15.5, kusiyana pang'ono malinga ndi kuchuluka kwa mkuwa ndi siliva. Tiyeni tilosere musanapite kuti pasakhale kukokera. 24.3 kugawa ndi 15.5 ikubwera pafupifupi 1.6. Sikelo ikaonetsa 1.5 kapena 1.6, tchenicho chili ndi mwayi waukulu. Ikapitirira 2.5, tikunena za bulasi. Muthiremo kadontho ka sopo wa mbale m'madzimo ndipo muchigwedeze chili momwemo, chifukwa timathovu timabisala pakati pa mfundo za tcheni n'kuchionetsa chachikulu kuposa mmene chilili.

Mai a Tadala: Tabwerako ku Katoto. Mnzathu wobweretsa tcheni uja ndinamutenga kuti aone ndi maso ake, ndi mayi mmodzi wa komiti. Chouma 24.3 monga kale. M'madzi koyamba 2.9. Aphunzitsi anati tigwedeze, timathovu tinakweradi. Kachiwiri 2.8, kachitatu 2.8. Tagawa, yabwera 8.7. Mnzathuyo anangokhala chete, kenako misozi.

Yamikani: Eish. Koma sikelo ya 0.1 singaphonye? Mwina ndi 14K anangolakwitsa chidindo.

Aphunzitsi a Nkhoma: Tiyeni tiipatse mpata wophonya. Ikhale 2.7, yankho ndi 9.0. Ikhale 2.9, yankho ndi 8.4. Kuti tifike pa 14K, amene amakhala cha m'ma 13, sikelo inayenera kuonetsa 1.9. Ngakhale 9K, wotsikitsitsa, amakhala cha m'ma 11, ndiye 2.2. Kuphonya kwa sikelo sikungatseke mpata umenewo.

Koma ndivomereze kuti tchenichi chatithandiza chifukwa ndi cholemera. NyaMhango akanabwera ndi mphete ya magalamu awiri, madzi okankhidwa sakanafika 0.2, ndipo sikelo yanga ikanangosankha pakati pa 0.1 ndi 0.2. Yankho lake ndi 20 kapena 10, zopanda ntchito. Mwala wa pamwamba ukanasokonezanso.

Esnart: Ndiye mwamunayo ndi tambwali. Amafuna kubera azimayi.

NyaMhango: Tisafulumire. Mwina nayenso anagula akukhulupirira 750 yomweyo. Dzulo lomweli tonse timakhulupirira.

Mai a Tadala: Madzulo ano bamboyo wandiimbira, wakwiya kwambiri. Akuti tcheni chake ndi cha mphako, matcheni a ku Italy amawapanga obowoka m'kati kuti aoneke aakulu, ndiye mpweya wa m'katimo ndi umene wanamiza madzi. Akuti tamuchititsa manyazi pa zinthu zimene sitikuzidziwa. A Chirwa, zimenezi zilipo?

A Chirwa a ku Luwinga: Zilipo, ndipo apa ndiyankhule mosamala chifukwa bamboyo sakupeka. Matcheni a mphako a golide weniweni ndi ambiri. Mfundo iliyonse ndi kapaipi kopyapyala, ndipo ngati madzi sanalowe m'katimo, nambala imatsika ndithu. Njira ya aphunzitsi siingasiyanitse bulasi wodzaza ndi golide wa mphako wotsekeka. Ndi malire ake amenewo.

Koma ine ndikukayika, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, nambala yagwera ndendende pa bulasi. Mphako ikhoza kupereka 6, 10, 12, iliyonse, koma yasankha 8.7. Chachiwiri, tcheni cha mphako chimene munthu wavala zaka chimakhala ndi timabonyongo, chifukwa khungu lake ndi lopyapyala, kungochitsamira pogona chimaphwanyika. Mai a Tadala, yang'anani mfundo za kumbuyo kwa khosi ndi pamene mfundo zimakhuzana zokhazokha. Mukuona zobonyoka? Mtundu ndi umodzi paliponse?

Mai a Tadala: Zobonyoka palibe. Koma m'kati mwa mfundo zoyandikana ndi loko, pamene zimapekesana, mtundu ndi wotuwirako, ndipo pa mfundo ziwiri pali kobiriwira ngati ndere. Ndimayesa litsiro.

A Chirwa a ku Luwinga: Kobiriwirako ndi dzimbiri la mkuwa. 18K sachita zimenezo. Kwa ine zakwana kuti ndalama za gulu zisatuluke. Koma kuti munene pamaso pa anthu kuti ndi chabodza, njira ndi imodzi: mmisiri apale kamzera kozama ndi tupa pa mfundo yobisika, pakati pa tcheni osati pa loko, adontheze asidi woyesera golide m'kamzeramo. Bulasi amachita thovu lobiriwira pompo, 18K amangokhala phee. Kamzerako ndi kochepa, ngati chili cha golide amakatseka.

Wina akuuzani za makina a XRF amene ogula golide akuluakulu amakhala nawo. Ndi abwino, koma amawerenga khungu la pamwamba lokha, ndiye utoto ukakhala wochindikala nawonso amafuna popala.

Yamikani: Ndiye sikelo ikanaonetsa 1.6 mukanati apereke ndalama?

A Chirwa a ku Luwinga: Ndikanati chitsulocho mwina ndi choona. Chilipo chitsulo china, tangisiteni, cholemera ngati golide, koma ndi cholimba kwambiri, amachibisa m'mipiringidzo ndi m'mphete zochindikala, pa tcheni cha mfundo zing'onozing'ono si kawirikawiri. Koma kupereka ndalama ndi funso lina. Chidindo, ngakhale cha nangula, sichinena kuti mwini wake ndani. Tcheni chobedwa chimakhala ndi 750 yomweyo. Ndipo chikanakhala choona, ndikanafunsa chifukwa chimene munthu akupinyolitsira golide wa magalamu 18 pa K700,000 ku banki mkhonde. Ndikanafuna bamboyo abwere yekha, asaine kuti ndi chake ndipo walola.

Che Bwanali: Apo ndiye mwanena. Kwathu wina anapinyolitsa njinga ya mlamu wake, mlandu unathera kwa amfumu.

Aphunzitsi a Nkhoma: Ine pa mfundo yoti mtengo wotsika ndi chizindikiro sindikugwirizana nanu kwenikweni a Chirwa. Munthu akapanikizika ndi fizi kapena matenda amapinyolitsa chimene ali nacho, sawerengera. Komanso kuno angapite nacho kuti kumene angamupatse mtengo wake weniweni tsiku lomwelo?

A Chirwa a ku Luwinga: Mwina mukunena zoona aphunzitsi. Ndazolowera ku Joni kumene ogula golide ali pa ngodya iliyonse.

Mai a Tadala: Ndikudziwitseni mmene zathera lero. Komiti inati tilandira tchenicho pokhapokha alole kupala. Bamboyo wakana, akuti sangalole kuononga katundu wodula chifukwa cha kapu ya madzi. Watumiza mwana kudzachitenga. Mkazi wake watenga ngongole yolingana ndi masheya ake, ndipo wandinong'oneza kuti tchenicho amuna ake sanagule kunja, anachilandira kwa mnzawo amene anali nawo ngongole. Kaya akudziwa, kaya akuopa kudziwa, ine sindinganene. Amayi awiri a m'gulu akundinenabe kuti ndachititsa manyazi banja la eni.

NyaMhango: A Chirwa, ndayang'ana mphete ija pa zenera. Timizere tiwiri tilipodi kunsi, ndipo pakati pake ndi pofiirirako kuposa kwina. Ndiye anaikapo mkuwa?

A Chirwa a ku Luwinga: Osati msanga. 9K amasiyana mtundu malinga ndi wosakaniza, wina amafiirira chifukwa mkuwa wachuluka, golide ali 375 yemweyo. Ngati chala sichikuda kapena kubiriwira pamalo amenewo, ndingaganize kuti ndi golide. Ndikhala m'tauni Lachiwiri m'mawa, mubwere nayo, galasi langa ndikadali nalo. Ndikufunanso ndione chilembo cha chakacho, tiyerekeze ndi chaka chimene achemwali anu akuti anagula.